Ngongole ya pa malipiro: zimene banki imawerenga pa peyisilipi yanu

Anthu ambiri apantchito ku Malawi alibe nyumba ya mapepala kapena galimoto yoti angapereke chikole. Chimene ali nacho ndi malipiro a pamwezi, ndipo mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH ndi First Capital amabwereketsa ndalama podalira malipirowo. Mphunzitsi, namwino, msilikali kapena kalaliki amangotenga mapeyisilipi ake ndi kalata yochokera kwa abwana n'kupita kubanki. Koma ambiri amabwerako atakhumudwa, chifukwa anapempha K3 miliyoni ndipo auzidwa kuti angalandire K2 miliyoni yokha, mwinanso akanizidwa kumene. Ena amaganiza kuti pali kukondera. Kawirikawiri nkhani yake imakhala masamu, ndipo masamuwo munthu angawachite yekha kunyumba asanawononge ndalama ya minibasi.

Mapepala atatu ayenera kunena zofanana

Peyisilipi ndi pepala limene owalemba ntchito amapereka mwezi uliwonse, losonyeza malipiro ndi zonse zimene adula. Mabanki ambiri amafuna mapeyisilipi a miyezi itatu yaposachedwa, chifukwa mwezi umodzi ukhoza kunamiza. Mwina mwezi umenewo munalandira ndalama za ovataimu, bonasi kapena malipiro a m'mbuyo amene anachedwa. Miyezi itatu imaonetsa ndalama imene imabweradi nthawi zonse.

Pepala lachiwiri ndi kalata yochokera kwa okulembani ntchito. Kalatayi imanena zimene peyisilipi sinena: tsiku limene munayamba ntchito, udindo wanu, ngati munakhazikitsidwa kapena mukadali pa nthawi yoyesedwa, ndiponso ngati muli pa kontirakiti ndi tsiku limene kontirakitiyo idzathe. Nthawi zambiri banki imafunanso kuti abwana alonjeze m'kalatamo kuti malipiro anu azidzera ku akaunti ya kubankiyo mpaka ngongole itatha, ndi kuti mukadzasiya ntchito kapena kuchotsedwa adzaidziwitsa banki. Makalata ena amanenanso kuti ndalama zanu zomaliza zidzadzere ku akaunti yomweyo. Lonjezo limeneli ndilo limalowa m'malo mwa chikole. N'chifukwa chake kalatayo iyenera kukhala pa pepala la kampani, yodindidwa, ndiponso yosainidwa ndi munthu amene banki ikumudziwa kuti ali ndi mphamvu yosainira.

Pepala lachitatu ndi sitetimenti ya akaunti yanu, kawirikawiri ya miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Wogwira ntchito ku dipatimenti ya ngongole amaika mapepala atatuwa pamodzi n'kuona ngati akugwirizana. Ngati peyisilipi ikunena kuti munalandira K370,000, iye amafuna kuona K370,000 yomweyo italowa mu akaunti, kuchokera kwa okulembani ntchito, pa masiku ofanana mwezi ndi mwezi. Amayang'ananso dzina. Ngati pa peyisilipi pali dzina la kwa amuna anu pamene pa chiphaso cha unzika pali dzina la kwa makolo anu, kapena chilembo chimodzi chasiyana, fomu yanu imaima kaye mpaka mutakonza. Anthu amene amalandira malipiro pamanja amavutika pamenepa, chifukwa palibe sitetimenti yowachitira umboni.

Pali anthu m'matauni amene amapanga mapeyisilipi abodza pakompyuta. Banki imaimba foni kapena kulemba kalata kuntchito kwanu, ndipo imawerengetsanso ngati msonkho ndi penshoni zolembedwa papepalapo zikugwirizana ndi malipiro amene alembedwa. Pepala labodza kawirikawiri limagwidwira pomwepo, ndipo kupereka chikalata chachinyengo kuti mupeze ndalama ndi mlandu wopita nawo kupolisi, kuwonjezera pa kutaya ntchito.

Banki siwerenga ndalama ya pamwamba

Munthu akafunsidwa kuti amalandira zingati, amakonda kutchula ndalama ya pamwamba pa peyisilipi, imene ambiri amati gulosi. Banki siyambira pamenepo. Imachotsa kaye zimene lamulo limadula: msonkho wa PAYE wopita ku MRA, ndi penshoni, imene kwa wogwira ntchito lamulo linaika pa 5 peresenti, olemba ntchito n'kuwonjezerapo 10 peresenti kuchokera m'thumba mwawo. Zotsalazo ndizo banki imaziona ngati ndalama zanu zenizeni.

Ngakhale pa zotsalazo, si kwacha iliyonse imene imawerengedwa mofanana. Malipiro enieni ndi alawansi yokhazikika, monga ya nyumba imene imabwera mwezi uliwonse, zimawerengedwa zonse. Ovataimu, komishoni ndi bonasi mabanki ena amangotengako gawo, ena saziwerengera n'komwe. Alawansi ya kumisonkhano ndi ya maulendo, imene ambiri amadalira kuti mwezi uthe, siioneka pa peyisilipi ndipo banki siiwerengera, chifukwa ikhoza kusiya kubwera mawa lomwe.

Ikapeza ndalama yodalirikayo, banki imaika malire a gawo limene lingapite ku ngongole. Banki iliyonse ili ndi malire akeake, koma kawirikawiri amakhala pakati pa gawo limodzi la magawo atatu ndi theka la malipiro otsala pambuyo pa msonkho. Chimene ambiri amachiphonya ndi chakuti malirewo ndi a ngongole zanu zonse pamodzi, osati ya kubankiyo yokha. Ngongole ya ku SACCO, ya ku bungwe la ngongole zing'onozing'ono, ya katundu amene munatenga m'sitolo, ya sukulu ya ukachenjede imene ikudulidwa pa malipiro, zonse zimalowa m'gawo lomwelo. Ngongole yatsopano imangotenga malo amene atsala.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kalaliki wa pa kampani ina ku Limbe amene gulosi yake ndi K600,000. Magawo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, choncho pano tingoyerekeza kuti PAYE yake ndi K120,000. Penshoni ya 5 peresenti ndi K30,000. Zikachotsedwa ziwirizi patsala K450,000. Pa peyisilipi yomweyo akudulidwanso K60,000 ya ngongole ya ku SACCO ndi K20,000 ya chipatala, moti ndalama imene imagwa mu akaunti ndi K370,000.

Kalalikiyu akufuna K3 miliyoni yoti amalizire denga la nyumba, ndipo akufuna kubweza m'miyezi 24. Tiyerekeze kuti banki yake imalola 40 peresenti, ndipo chiwongoladzanja chake ndi 36 peresenti pachaka, kutanthauza 3 peresenti pamwezi. Wa kubanki atenga K450,000 n'kupeza 40 peresenti yake, yomwe ndi K180,000. Pamenepo achotsa K60,000 ya ku SACCO. Malo otsala ndi K120,000 pamwezi.

Tsopano aona kuti K3 miliyoni, pa chiwongoladzanja chimenechi m'miyezi 24, imafuna kuti munthu azibweza pafupifupi K177,000 pamwezi. Kuphatikiza ndi ya ku SACCO ija, kalalikiyu azidulidwa K237,000, kuposa theka la malipiro ake. Pempholo silingadutse. Banki itembenuza funso n'kufunsa kuti K120,000 pamwezi ingabweze ngongole yochuluka bwanji m'miyezi 24, ndipo yankho ndi pafupifupi K2 miliyoni. Ndiyo ndalama imene amuuze kuti angatenge. Palibe amene wamukondera kapena kumuchitira nkhanza.

Apa m'pamene amamva mawu okoma akuti, "Titalikitse nthawi, mutenga yambiri." N'zoona, koma onani mtengo wake. Pa K120,000 yomweyo pamwezi, miyezi 36 imupatsa pafupifupi K2.6 miliyoni. M'miyezi 24 akanabweza K2,880,000 yonse pamodzi, pamene m'miyezi 36 abweza K4,320,000. Ndiye kuti pofuna kuwonjezera K600,000 yokha m'manja mwake, wadziwonjezera K1,440,000 yoti abweze. Akakakamira K3 miliyoni yake ija, afunika miyezi 48, ndipo pomaliza adzakhala atabweza K5,760,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene anatenga. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera monga chakhalira kuno kwathu zaka zapitazi, chaka chilichonse chowonjezera chimapatsa wobwereka ndalama zochepa koma chimamudyera zambiri.

Nthawiyonso ili ndi malire ake. Banki silola kuti ngongole ipitirire tsiku limene kontirakiti yanu idzathe, kapena tsiku limene mudzapume pantchito. Munthu amene kontirakiti yake yatsala ndi miyezi 12 apatsidwa ngongole ya miyezi yosaposa pamenepo, ndipo pa K120,000 pamwezi imeneyo ndi pafupifupi K1.2 miliyoni basi. N'chifukwa chake anthu awiri olandira malipiro ofanana, wina wokhazikika m'boma, wina wa pa pulojekiti ya bungwe lomwe si la boma, amauzidwa ndalama zosiyana kwambiri.

Zimene sizili pa peyisilipi koma banki imaziona

Kale munthu ankatha kutenga ngongole kubanki ina, kulephera kubweza, n'kukatenga inanso kubanki ina popanda wodziwa. Lamulo lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya ngongole linabwera mu 2010, ndipo lero mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumiza mbiri ya makasitomala awo ku mabungwewa, monga Credit Data ndi TransUnion. Mukasaina fomu ya ngongole mumakhala mwalola kuti banki ikafufuze kumeneko. Lipoti limene imalandira limaonetsa ngongole zimene muli nazo, zimene munamaliza, ndi miyezi imene munachedwa kubweza.

Choncho kubisa ngongole pa fomu kulibe phindu. Ikaoneka pa lipoti pamene inu munalemba kuti mulibe, banki siiwonjezera chabe pa masamu ake, imayambanso kukayikira zonse zimene mwalemba. Komanso lipotilo likhoza kukhala ndi cholakwika, monga ngongole imene munamaliza kalekale koma ikuonekabe kuti ilipo. Muli ndi ufulu wopempha lipoti lanu n'kuliwerenga. Mukapeza cholakwika, pitani ku bungwe limene linakubwereketsani mukatenge kalata yotsimikiza kuti munamaliza, ndipo mupemphe kuti akonze mbiriyo. Ndi bwino kuchita zimenezi musanapereke fomu, kusiyana n'kudzazimva mutakanizidwa kale.

Sitetimenti nayo imaulula zambiri. Ngati malipiro amalowa pa 27 ndipo pofika pa 29 akaunti imakhala yopanda kanthu mwezi uliwonse, wa kubanki amaona. Amaonanso ndalama yofanana imene imapita kwa munthu mmodzimodzi malipiro akangolowa, chomwe chimamuganizitsa za katapila. Amaona macheke obwezedwa, madulidwe amene analephera chifukwa munalibe ndalama, ndi ndalama zopita kumakampani obetcha.

Banki imayezanso okulembani ntchito. Kampani imene imalipira mochedwa, kapena imene imadula ngongole pa malipiro a antchito ake koma osatumiza ndalamazo kubanki, imaipitsa mbiri ya antchito ake onse. Mabanki amakonda kuchita mgwirizano ndi makampani ndi nthambi za boma zimene amazikhulupirira, ndipo antchito a kumeneko amathandizidwa msanga. Munthu akhoza kukhala wokhulupirika, wa mbiri yoyera, koma n'kukanizidwa chifukwa cha kumene amagwira ntchito. Ngati ngongole yanu imadulidwa kuntchito, muziona sitetimenti ya ngongoleyo kawirikawiri, chifukwa abwana akachedwa kutumiza, dzina limene limalembedwa kuti lachedwa kubweza ndi lanu.

Funsani mtengo wonse

Pali njira ziwiri zowerengera chiwongoladzanja, ndipo zimasiyana kwambiri ngakhale nambala yotchulidwa ikhale imodzi. Mabanki amawerengera pa ndalama imene yatsala. Pa K2 miliyoni, 3 peresenti ya mwezi woyamba ndi K60,000, koma mwezi wotsatira imachepa chifukwa ngongole yayamba kutsika, ndipo m'miyezi 24 chiwongoladzanja chonse chimakwana pafupifupi K834,000. Obwereketsa ena amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza. Pamenepo ndi K60,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 24, zomwe zikukwana K1,440,000. Onse awiri akuuzani kuti "3 peresenti pamwezi", koma winayo akudyerani K600,000 yowonjezera.

Palinso ndalama zimene zimadulidwa ngongole isanafike m'manja: ya ntchito yokonza ngongoleyo, ndi ya inshulansi imene imabweza ngongole mwiniwake akamwalira kapena akalumala. Mukasainira K2 miliyoni, imene igwe mu akaunti ikhala yochepera pamenepo, koma chiwongoladzanja chiwerengedwa pa K2 miliyoni yonse. Za inshulansiyo funsani bwino zimene imalipira. Ena amaganiza kuti akachotsedwa ntchito inshulansi imaliza ngongole, pamene pepala limene anasaina likungonena za imfa ndi kulumala. Ngakhale imene imathandiza wochotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, siithandiza amene wasiya yekha kapena wachotsedwa chifukwa cha mlandu.

Chinanso n'chakuti chiwongoladzanja cha ngongole zambiri za kubanki sichikhala pamodzi. Kuyambira mu 2019 mabanki a m'dziko muno amayambira pa mulingo umodzi umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo banki iliyonse imawonjezerapo gawo lake malinga ndi mmene ikumuonera wobwereka. Mulingowo umatsatira kwambiri chiwongoladzanja chimene Reserve Bank of Malawi imaika. Pamene banki yaikuluyi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu amene anali kale ndi ngongole anaona ndalama yobweza ikukwera kapena nthawi ikutalika, pa nthawi yomwe katundu m'sitolo nayenso anali atakwera. Musanasaine, funsani ngati chiwongoladzanja chanu n'chokhazikika kapena chosintha, ndipo pemphani pepala losonyeza ndalama imene mulandire m'manja, imene muzibweza pamwezi, ndi yonse imene mudzakhale mutabweza pomaliza. Ngati pali dandaulo limene banki yalephera kulithetsa, mukhoza kulitengera ku Reserve Bank, yomwe imayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama.

Masamu a banki ndi masamu a pakhomo

Banki ikanena kuti mungakwanitse, imatanthauza kuti iyo ingathe kutenga ndalama yake pa malipiro anu mwezi uliwonse. Sikunena kuti zotsalazo zikukwanirani. Popeza imadula malipiro akangolowa, inu musanagwire ndi kwacha imodzi yomwe, iyo imakhala yotetezeka ngakhale pakhomo panu patavuta.

Tibwerere kwa kalaliki uja. Mu akaunti mwake mumalowa K370,000. Tiyerekeze kuti lendi ndi K80,000, chakudya K120,000, mayendedwe K40,000, madzi ndi magetsi K25,000, za sukulu za ana K30,000, ndipo kumudzi amatumiza K20,000. Zonse pamodzi ndi K315,000, moti imene imatsaladi ndi K55,000. Banki yamulola kubweza K120,000 pamwezi. Akavomera, mu akaunti muzitsala K250,000 yoti ilipire zinthu za K315,000. Mwezi uliwonse azipereweredwa K65,000, kwa zaka ziwiri, ndipo apa sitinawerengere maliro, matenda kapena kukwera kwa mtengo wa chimanga m'miyezi ya njala.

K65,000 imeneyo idzachokera kwinakwake. Poyamba idzachokera ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba, kenako ku adivansi ya kuntchito, pomaliza kwa wa katapila amene amasunga khadi la ATM. Ngongole zimenezi sizilembedwa pa peyisilipi, choncho pepalalo limaonekabe labwino pamene mwiniwake akumira. Pakapita miyezi ingapo banki ikhoza kumuimbira foni kuti akawonjezere ngongole. Kuwonjezerako kumatanthauza kuti atenga ngongole yatsopano imene ibweze yakale, alipiranso ndalama za ntchito ndi inshulansi, ndipo nthawi yobweza iyambiranso pachiyambi. Imene agwire m'manja ikhala yochepa kuyerekeza ndi imene wasainira.

Pa masamu a pakhomo pake, kalalikiyu angakwanitse K55,000 pamwezi, yomwe m'miyezi 24 ikubweza ngongole ya pafupifupi K930,000. Ali ndi njira zina zopezera yochulukirapo popanda kudzipweteka. Akadikira kuti ngongole ya ku SACCO ithe, K60,000 ija imasuka, ndipo angathe kubweza K115,000 pamwezi popanda kukhudza chakudya cha ana. Pamenepo K2 miliyoni imene banki inatchula ija imakhala pafupi ndi mphamvu zake zenizeni. Angathenso kugawa ntchito ya dengalo, kugula malata ndi ngongole yaing'ono tsopano, zotsalazo n'kudzamaliza bwino lake.

Choncho musanapite kubanki, tengani mapeyisilipi anu atatu n'kuchotsapo ovataimu ndi bonasi. Lembani ngongole zanu zonse, za pa peyisilipi ndi zimene mukuzidziwa nokha, kenako zonse zimene pakhomo pamadya pamwezi. Ndalama imene yatsala ndiyo malire anu enieni. Banki ikakuuzani yoposa pamenepo, palibe lamulo lokukakamizani kutenga yonse. Tengani imene masamu a pakhomo panu akulola, ndipo musankhe nthawi yaifupi imene mungakwanitse.